Lupu ya kopa: njira yolera imene sidutsa m'magazi

Pa njira zonse zolera zimene zimatchulidwa pamaphunziro a kusikelo, lupu ndi imene imatchulidwa mothamanga, ndipo amayi ambiri amaimvera ndi khutu limodzi. Kafukufuku wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mwa amayi 100 apabanja m'Malawi, 58 ankagwiritsa ntchito njira yamakono yolera. Mwa amayi 100 omwewo, 30 anali pa jakisoni, pafupifupi 12 anali ndi ya pamkono, 11 anatseketsa, ndipo amene anali ndi lupu anali mmodzi yekha. Zifukwa zake sizisowa. Ena amati imasochera m'thupi n'kukafika kumtima. Ena amati mwana amabadwa ataifumbata m'manja. Ena amati imachita dzimbiri, ndipo ena amati imabaya abambo. Koma pansi pa mphekesera zonsezi pali funso lomveka bwino, limene silimayankhidwa mokwanira: ngati mulibe mankhwala m'kachipangizoka, nanga kamaletsa bwanji mimba?

Funsoli lili ndi kulemera kwake ku Chiradzulu. M'chaka cha 2001, bungwe la Médecins Sans Frontières linayamba kupereka ma ARV pachipatala chachikulu cha bomali, pa nthawi imene anthu ambiri ankati mankhwalawa sangatheke kumudzi. Patapita zaka zochepa mankhwala aja anafika m'zipatala zazing'ono monga za Namitambo, Namadzi, Mbulumbuzi ndi Nkalo. Zotsatira zake n'zakuti bomali lili ndi amayi ambiri amene amwa mankhwala tsiku ndi tsiku kwa zaka khumi, ena kupitirira apo, ali bwinobwino, akulima, akugulitsa tomato ndi kabichi pamsewu wa ku Zomba, akubereka ana opanda kachilombo. Mayi wotere akafuna kulera, sangangofunsa kuti njira yamphamvu ndi iti. Ayenera kufunsanso ngati njirayo sikangana ndi mankhwala amene ali kale m'thupi mwake.

Mkanganowo umachitikira m'chiwindi. Mapilitsi, jakisoni wa Depo ndi njira ya pamkono, kaya Jadelle kaya Implanon, zonse zimathira mahomoni m'magazi. Mahomoniwo amayenda thupi lonse, amakafika ku ubongo n'kuuza thupi kuti lisakhwimitse dzira, komanso amalimbitsa chikazi cha pakhomo la chiberekero kuti mbewu za abambo zisadutse. Kuti zimenezi zitheke, mlingo wa mahomoni m'magazi suyenera kutsika kwambiri. Tsono ntchito ina ya chiwindi ndi kuphwanya mankhwala ndi kuwatulutsa, ndipo pali mankhwala ena amene amachifulumizitsa pa ntchitoyi. Rifampisini, mmodzi wa mankhwala a chifuwa chachikulu, amatero kwambiri. Mankhwala ena a khunyu, monga fenobabitoni ndi kabamazepini, amateronso. Efavirenzi, amene anali m'piritsi la 5A limene amayi oyembekezera ndi oyamwitsa anayamba kulandira kuyambira 2011, nayenso ali m'gulu lomweli. Ku Uganda, kafukufuku amene anatuluka mu 2016 anatsatira amayi 20 omwa efavirenzi amene anaikidwa njira ya pamkono ya mtundu wa Jadelle. Mahomoni m'magazi mwawo anatsika pafupifupi ndi theka, ndipo atatu anatenga mimba chaka chisanathe. Kwa njira imene imalephera mwa apo ndi apo, atatu pa 20 si nkhani yaing'ono.

Vuto la efavirenzi linachepa pamene dziko lino linasamukira ku piritsi la 13A kuyambira 2019, chifukwa dolutegiraviya amene ali mmenemo sasokoneza njira zolera. Jakisoni wa Depo nayenso sagonja ku mankhwala amenewa. Koma rifampisini akadalipo, mankhwala a khunyu akadalipo, ndipo pali amayi amene mahomoni sawayenera pa zifukwa zina, monga amene anadwalapo khansa ya m'mawere kapena amene magazi awo amathamanga kwambiri. Lupu ya kopa ilibe nawo mbali mkangano wonsewu, chifukwa sidalira magazi, sidalira chiwindi, ndipo ku ubongo situmako uthenga uliwonse. Ntchito yake yonse imayambira ndi kuthera m'chiberekero ndi m'machubu mwake.

Kachipangizoko n'kakang'ono kuposa mmene ambiri amaganizira. Mtundu umene umapezeka kwambiri m'zipatala za kuno umatchedwa TCu 380A. Ndi kapulasitiki kofewa kooneka ngati chilembo cha T, kotalika mamilimita 36, ndipo manja ake awiri akatambasuka amakwana mamilimita 32. Pathunthu pake anakulungapo kawaya ka kopa, amene akuluakulu amati mkuwa, ndipo pa dzanja lililonse pali kachibangili ka kopa yemweyo. Nambala ya 380 ikunena kukula kwa malo onse a kopa amene amakhudzana ndi madzi a m'chiberekero. M'pulasitikimo anasakanizamo mankhwala oti kachipangizoka kazioneka pa ekisireyi, ndipo kumunsi kuli tizingwe tiwiri topyapyala timene timatulukira pakhomo la chiberekero. Basi, palibenso china chobisika.

Nzeru yoika kopa inachokera ku Chile. Kale kunali malupu a pulasitiki yokhayokha, monga ija anapanga Jack Lippes kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, koma kuti agwire ntchito ankayenera kukhala aakulu, motero ankapweteka ndi kutayitsa magazi ambiri. Howard Tatum wa ku America anaganiza za maonekedwe a T, amene amagwirizana ndi mmene chiberekero chilili m'kati. T yakeyo inali yabwino kuivala koma yofooka: mwa amayi 100, pafupifupi 18 ankatenga mimba pachaka. Pa nthawi yomweyo dokotala wa ku Chile, Jaime Zipper, anaika kawaya ka kopa m'mbali imodzi ya chiberekero cha akalulu, n'kupeza kuti mbali imeneyo bere silinkakhazikika pamene mbali inayo linkakhazikika. Zimenezi anazifalitsa mu 1969. Awiriwa ataphatikiza nzeru zawo, T ya Tatum ndi kopa wa Zipper, mimba zija zinatsika kuchoka pa 18 kufika cha pa imodzi. Mtundu wa TCu 380A, umene unakonzedwa ndi bungwe la Population Council, unavomerezedwa ku America mu 1984, ndipo mpaka lero maonekedwe ake sanasinthe kwenikweni.

Nanga chimachitika n'chiyani m'katimo? Tiyambe ndi ulendo wa mbewu ya abambo pamene palibe choitchinga. Ikatayidwa m'njira ya abambo, imayenera kusambira kudutsa m'chikazi cha pakhomo la chiberekero, kukwera m'chiberekero chonse, n'kulowa m'chubu, kumene imakumana ndi dzira. Dziralo limangodikira tsiku limodzi, pamene mbewu imatha kukhala yamoyo mpaka masiku asanu. Pa mamiliyoni amene amanyamuka, ndi zochepa kwambiri zimene zimafika. Ndipo kufika kokha sikokwanira: mbewu imayenera kukhwima ili pa ulendo, kuti mutu wake uthe kuboola chikuto cha dzira.

Lupu imasokoneza ulendowu m'njira ziwiri zimene zimathandizana. Yoyamba imachokera ku thupi la mayi lenilenilo. Chiberekero chikazindikira kuti mwalowa chinthu chachilendo, chimaitana asilikali a m'thupi, aja timawadziwa tikamakamba za chitetezo. Amadzaza m'madzi a m'chiberekero, osati chifukwa muli matenda, koma chifukwa cha mlendoyo. Mbewu za abambo zikafika, asilikaliwa amazigwira n'kuzimeza monga amachitira ndi tizilombo. Malupu akale a pulasitiki ankadalira zimenezi zokha.

Yachiwiri ndi ya kopa. Tsiku lililonse kawaya kaja kamasungunuka pang'ono kwambiri, mlingo wosaoneka ndi maso, ndipo kopayo amasakanikirana ndi madzi a m'chiberekero, chikazi cha pakhomo ndi madzi a m'machubu. Kwa mbewu ya abambo kopa ndi poizoni. Amafoola mchira wake kuti isathe kusambira, amasokoneza mmene imapezera mphamvu, ndipo amaononga kukhwima kuja kwa mutu, moti ngakhale yopulumuka imafika kudzira ilibe choboolera. Kopayo amawonjezeranso ukali wa asilikali aja. Zikufanana ndi mmene alimi amathirira phulusa m'nyemba zosunga: anankafumbwe satsekeredwa khomo, koma malowo sakhalanso oti angakhalemo. Lupu nayo si chitseko. Khomo la chiberekero limakhala lotsegula monga kale, magazi a msambo amatuluka, umuna umalowa, koma chimene chasintha ndi madzi a m'katimo.

Apa m'pamene pali yankho la nkhawa ya dzimbiri. Kusungunuka pang'onopang'ono kwa kopayo ndiyo ntchito imene anamuikira, ndipo ndi chifukwa chake lupu ili ndi zaka zake. Mtundu wa TCu 380A unalembedwa zaka 10, ndipo kafukufuku waonetsa kuti umatetezabe mpaka zaka 12. Kopa wotuluka mmenemu ndi wochepa kuyerekeza ndi amene timadya tsiku ndi tsiku mu mtedza, nyemba ndi chiwindi cha nyama, ndipo akayeza magazi a amayi ovala lupu sapeza kuti wachuluka. Osayenera kuivala chifukwa cha kopa weniweniyo ndi ochepa zedi, monga odwala matenda osowa a Wilson, amene thupi lawo limalephera kutulutsa kopa.

Pali funso lina limene limavuta anthu opemphera, ndipo m'boma limene muli mishoni zakale monga ya Nguludi ndi ya PIM ku Mbombwe, si funso lolizemba. Kodi lupu imachotsa mimba? Kwa zaka zambiri ngakhale madokotala ankaganiza kuti ntchito yake yaikulu ndi kuletsa dzira limene lakumana kale ndi mbewu kuti lisakhazikike. Mu 1988, Frank Alvarez ndi anzake anafalitsa kafukufuku amene anafufuza nkhaniyi mwachindunji. Anapempha amayi amene ankapita kukatseketsa kuti awalole kutsuka machubu awo pa nthawi ya opaleshoni ndi kuona mazira amene apezekemo, amayiwo atagonana m'masiku oti angatenge mimba. Mwa amayi osalera, pafupifupi theka la mazira opezeka anali atakumana ndi mbewu ndipo ankakula bwino. Mwa ovala lupu, mazira anapezeka ochepa, ndipo panalibe ndi limodzi lomwe limene linkakula monga mwa nthawi zonse. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limanenanso chimodzimodzi, kuti ntchito yaikulu ya lupu imachitika mbewu ndi dzira zisanakumane. Chilungamo chake n'chakuti m'kati mwa chiberekero namonso mumasintha, ndipo lupu ikaikidwa mwadzidzidzi pambuyo pogonana, kusinthaku kungathe kuletsa dzira kukhazikika. Munthu amene chikhulupiriro chake chimawerenga moyo kuyambira pa kukumanako ayenera kuuzidwa zonse ziwiri, n'kusankha yekha. Chimene lupu siichita ndi kutaya mimba imene yakhazikika kale, ndipo azamba saiika mwa mayi woyembekezera.

Popeza dzira limakhwimabe mwezi ndi mwezi, mayi wovala lupu amasamba monga kale. Sanenepa chifukwa cha lupu, mkaka wa m'mawere suchepa, ndipo tsiku limene yachotsedwa, kubereka kwabwerera. Angathe kuima mwezi womwewo. Amene anadikirapo miyezi yambiri atasiya Depo, nthawi zina mpaka chaka, apongozi akufunsa mafunso, amadziwa kufunika kwa zimenezi. Pa mphamvu yake, mwa amayi 1,000 ovala lupu ya kopa, 6 mpaka 8 ndi amene amatenga mimba m'chaka choyamba, ndipo pa zaka 10 zonse ndi amayi pafupifupi awiri pa 100. Depo, mmene anthu amabayitsira m'moyo weniweni, tsiku lina kuphonya chifukwa cha maliro kapena mvula, amalephera mwa amayi anayi pa 100 chaka chilichonse, ndipo mapilitsi mwa asanu ndi awiri.

Koma chimene chimapatsa lupu mphamvu ndi chomwenso chimabweretsa vuto lake lalikulu. Kudzuka kwa chitetezo m'chiberekero kuja kumachulukitsa timadzi timene timafinya chiberekero ndi kutsegula timitsempha ta magazi. Motero msambo umachuluka, kwa ambiri ndi pafupifupi theka pamwamba pa mlingo wakale, umatha kutalika ndi tsiku limodzi kapena awiri, ndipo m'mimba mumapota kuposa kale, makamaka m'miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi yoyamba. Ichi ndicho chifukwa chachikulu chimene amayi amachotsetsera lupu padziko lonse. Ine ndimaona kuti mlangizi amene amabisa zimenezi pofuna kuti mayi avomere, ndi amene amaononga mbiri ya njirayi m'mudzi wonse, chifukwa mayiyo akadzidzimuka ndi magazi amakauza anzake kumjigo kuti lupu yamuvulaza. Kuno kumene kuchepa kwa magazi n'kofala chifukwa cha malungo, njoka za m'mimba ndi kubereka pafupipafupi, nkhani ya msamboyi iyenera kukambidwa poyambirira.

Kuti zimveke bwino, tiyerekeze mayi wa kwa Kadewere, wa zaka 34, wa ana anayi. Akumwa 13A, ndipo atamuyeza komaliza kachilombo sikanaoneke m'magazi. Wakhala pa Depo zaka zingapo, koma maulendo awiri otsatizana bipi yake yapezeka pa 165/100. Pa mlingo umenewu mapilitsi a mahomoni awiri ndi oletsedwa, ndipo Depo salimbikitsidwanso. Ya pamkono ingatheke, koma iye watopa ndi msambo wosadziwika tsiku. Kutseketsa sakufuna, bambo a kunyumba sanagwirizane nazo. Namwino akumutchulira lupu.

Choyamba namwinoyo afuna kutsimikiza kuti mayiyu si woyembekezera. Popeza tsiku la jakisoni wotsatira silinadutse, palibe chokayikitsa, ndipo lupu ingaikidwe tsiku lomwelo osadikira msambo. Kenako akufunsa mafunso amene ena amawaona ngati ochititsa manyazi koma ndiwo mutu wa nkhani: “Amayi, kodi mukutuluka chikazi chachilendo kapena chonunkha? M'chinenamu mumamva kupweteka? Mumataya magazi mukakhala malo amodzi ndi abambo, kapena pakati pa mwezi? Nanga abambo anadandaulapo zotuluka mafinya?” Chifukwa chake n'chakuti lupu payokha siyambitsa matenda, koma ngati pakhomo la chiberekero pali chinzonono kapena matenda ena opatsirana, chipangizo cholowetsera chingawakankhire m'kati. Ndi chifukwa chake chiopsezo cha matenda a m'chiuno chimakwera m'masiku 20 oyamba okha, kenako n'kubwerera mwakale. Akapezeka ndi matenda, amayamba alandira mankhwala iye ndi mwamuna wake, lupu n'kudzaikidwa atachira. Magazi otuluka mosadziwika bwino nawo amayenera kufufuzidwa kaye, makamaka poti khansa ya khomo la chiberekero ndi yofala kwambiri kuno; mayi amene akudikira chithandizo cha khansayi saikidwa lupu. Kukhala ndi HIV pakokha si choletsa. Amene amadikiritsidwa ndi amene akudwala kwambiri, mpaka atapeza bwino.

Mayi wathuyu alibe zonsezi. Namwino akuyang'ananso m'zikope ndi m'manja mwake, ndipo ngati zida zilipo akuyeza magazi, kuti adziwe pamene akuyambira. Akugona pabedi, ndipo namwino akuyeza ndi zala kuti adziwe kumene chiberekero chapendekera, kutsogolo kapena kumbuyo. Akulowetsa chipangizo chotsegulira njira, chija amagwiritsanso ntchito poyeza khansa, n'kupukuta khomo la chiberekero ndi mankhwala opha tizilombo. Akugwira khomolo ndi kachitsulo kuti njira iwongoke, kenako akulowetsa kandodo kopyapyala koyezera kuya kwa chiberekero. Ambiri amapezeka pakati pa masentimita 6 ndi 8, ndipo chikachepera 6 lupu imavuta kukhala. Mwa mayiyu akupeza 7. Lupu imapindidwa manja ili m'paketi yake momwemo, osaigwira ndi dzanja, n'kulowetsedwa m'kachubu kamene kaikidwa chizindikiro pa masentimita 7 omwewo. Kachubuko kakafika kumtunda kwa chiberekero, namwino amakabweza pang'ono kuti manja a T atambasuke, n'kukatulutsa. Tizingwe amatidula kutsala masentimita atatu kunja kwa khomo. Ntchito yonse imatenga mphindi zosapitirira khumi kapena khumi ndi zisanu, ndipo ululu wake ndi kupota kwamphamvu kwa kanthawi, ena n'kumva chizungulire. Kuyambira pamenepo watetezedwa, palibe masiku odikira. M'buku lake la kuchipatala mukulembedwa mtundu wa lupu, tsiku loika ndi chaka chochotsa.

Kudula tizingwe kuja kuli ndi luso lake. Tikasiyidwa totalikirapo timafewa n'kudzipinda kuseri kwa khomo la chiberekero, ndipo abambo satimva. Tikadulidwa tatifupi kwambiri timaima ngati ziputu za ndevu, ndipo m'pamene dandaulo la kubaya limachokera. Lupu yeniyeniyo mwamuna sangaikhudze, chifukwa ili kuseri kwa khomo. Akamva chinthu cholimba, ndiye kuti yatsika, ndipo mayi apite kuchipatala.

Miyezi yoyamba ya mayi wathuyu idzakhala yosokoneza pang'ono, chifukwa Depo akutha m'thupi pamene lupu ikukhazikika. Msambo umene unasowa zaka udzabwerera, mwina mochedwa, ndipo ukabwera udzaoneka wambiri kuposa mmene akuukumbukira. Pa kupota ndi kuchuluka kwa magazi, mankhwala a gulu la bulufeni, omwa masiku a msambo atadya, amathandiza zonse ziwiri, chifukwa amachepetsa timadzi tija toyambitsa vutoli. Koma kwa iye amene ali ndi bipi yokwera komanso akumwa ma ARV, bulufeni si womwa mwachisawawa, ayambe wafunsa kuchipatala. Panado amachepetsa ululu ngakhale sachepetsa magazi. Asipirini ndiye ayi, amawonjezera kutaya magazi. Mapilitsi owonjezera magazi ndi ndiwo monga bonongwe, chisoso, nyemba ndi usipa zimathandiza kubwezeretsa. Ngati magazi akupitirira kawiri mlingo wake wakale, kapena akudutsa masiku asanu ndi atatu, kapena wayamba kupuma mwawefuwefu pokwera kaphiri kamene ankakwera bwinobwino, apite akamuone. Nthawi zina yankho loona n'lakuti lupu ya kopa si yake, ndipo kuichotsa ndi ufulu wake tsiku lililonse.

Adzabwereranso kuchipatala pakatha masabata atatu mpaka asanu ndi limodzi kuti akaone ngati ili m'malo. Vuto limene limachitika kawirikawiri si kusochera, ndi kutuluka. Chiberekero ndi mnofu wamphamvu, ndipo mwa amayi 100, awiri mpaka khumi chimaikankhira kunja m'chaka choyamba, kawirikawiri pa nthawi ya msambo m'miyezi yoyambirira. Imatha kugwa mayi osadziwa, makamaka kumene chimbudzi ndi chokumba ndipo nsalu za msambo zimachapidwa kukada. Zizindikiro zake ndi tizingwe timene tatalika mwadzidzidzi kapena tasowa, kapulasitiki kolimba komveka pakhomo, kapena msambo umene wabwerera msanga kukhala wochepa monga kale. Zikatero agwiritse ntchito kondomu mpaka atamuona.

Nanga kusochera kuja? Chiberekero chilibe njira yopita kumtima kapena kumutu, ndipo machubu ndi opyapyala kwambiri moti lupu singadutsemo. Chimene chimachitika, mwa mayi mmodzi kapena awiri pa 1,000, n'chakuti pa nthawi yoika chipangizo chimaboola khoma la chiberekero, lupu n'kupezeka m'mimba kunja kwa chiberekerocho. Zimachitika kwambiri mwa amayi oyamwitsa amene angobereka kumene, chifukwa khoma limakhala lofewa, komanso m'manja mwa woika wosazolowera. Ndi chifukwa chake pambuyo pobereka pali nthawi ziwiri zokha zoikira: m'maola 48 oyamba, mayi asanatuluke m'chipatala, kapena pakatha masabata anayi. Tizingwe tikasowa ndipo mimba palibe, sikani kapena ekisireyi imaonetsa pamene lupu ili, ndipo ngati yatulukira m'mimba imachotsedwa ndi opaleshoni. Kukoka ndi zala kunyumba kapena kumwa zitsamba zoti ituluke sikuthandiza kanthu.

Tiyerekeze tsopano kuti patapita zaka ziwiri mayi uja wapezeka ndi chifuwa chachikulu cha m'mapapo, ndipo wayamba mankhwala a miyezi isanu ndi umodzi okhala ndi rifampisini. Kuchipatala adzamuwonjezera dolutegiraviya wina madzulo, chifukwa chiwindi chayamba kumuphwanya msanga. Mnzake wa ya pamkono adzauzidwa kuti awonjezere kondomu kapena asinthe njira. Iye lupu yake siifuna kusintha kulikonse, ndipo ngakhale adwale, imene inaikidwa kale siichotsedwa, kupatula ngati chifuwacho chafika m'ziwalo zoberekera. Kusanza kapena kutsegula m'mimba sikuikhudzanso.

Chimodzi chimene ayenera kuchisunga m'mutu zaka zonsezi ndi msambo wophonya. Pa Depo kusasamba n'chizolowezi, koma pa lupu ya kopa ndi chizindikiro choti akayezetse mimba msanga. Lupu imachepetsa mimba zonse, ndi zomera m'chubu zomwe, koma ikalephera, mwa mimba 100 zoterozo 6 mpaka 8 zimakhala kunja kwa chiberekero. Kupweteka kwambiri mbali imodzi ya chinena, timagazi takuda, chizungulire kapena kukomoka ndi zoti munthu athamangire kuchipatala chachikulu usiku womwewo. Mimba ikakhala m'chiberekero ndipo tizingwe tikuoneka, azamba amachotsa lupu mwamsanga, chifukwa kuisiya kumawonjezera chiopsezo chopita padera, matenda ndi kubereka masiku asanakwane. Kopa sapundula mwana, ndipo lupu imakhala kunja kwa thumba limene mwana amakuliramo, motero m'manja mwake singalowe. Imatha kutuluka pamodzi ndi nsengwa pobereka, ndipo mwina apa m'pamene nthano ija inayambira.

Lupu siteteza ku HIV kapena ku matenda ena opatsirana pogonana. Pamenepo kondomu ilibe mlowam'malo. Koma siwonjezeranso chiopsezo kuposa njira zinzake. Kafukufuku wamkulu wa ECHO, amene anatsatira amayi oposa 7,800 ku Zambia, Kenya, South Africa ndi Eswatini, n'kutuluka mu 2019, anayerekeza Depo, ya pamkono ndi lupu ya kopa, ndipo sanapeze kusiyana kwakukulu pa chiwerengero cha otenga kachilombo.

Palinso ntchito ina ya lupu imene ambiri saidziwa. Ikaikidwa pasanathe masiku asanu munthu atagonana mosadziteteza, kaya kondomu inaphulika kaya anagwiriridwa, imaletsa mimba mwa amayi oposa 99 pa 100, kuposa mapilitsi a pangozi, amenenso amafooka mwa omwa rifampisini kapena mankhwala a khunyu aja. Ikalowa, ingathe kukhala momwemo monga njira yake ya zaka zikubwerazi. Chovuta n'chakuti jakisoni amabaya ngakhale alangizi a zaumoyo kumudzi, pamene lupu imafuna namwino kapena dokotala wophunzitsidwa, zitsulo zowiritsidwa bwino, chipinda chobisika ndi nthawi, zinthu zimene sizipezeka pamodzi tsiku lililonse pachipatala chaching'ono chilichonse. Zipatala za mpingo wa Katolika nazo zimatsata chiphunzitso cha mpingo pa zakulera. Mayi woifuna afunsiretu kwa mlangizi wa m'dera lake kuti ndi chipatala chiti ndiponso ndi tsiku liti limene woika amapezeka, kapena kuti a Banja La Mtsogolo adzafika liti pafupi, ndipo ngati ili ya pangozi, anene poyera pofika kuti masiku akuwerengedwa.